SpO2 inati 76 kenako 98 pa mwana mmodzi yemweyo: nkhani ya malungo aakulu ndi magazi ochepa

Ndine kiliniko ofesa pa chipatala china cha mu komboni muno mu Lusaka, ndipo nkhani iyi ndikulembera anzanga amene timagwira mashifiti ausiku ndi okisimita m'thumba, makamaka amene mwangoyamba kumene. Odwala anali mwana wamkazi wa zaka 4, wolemera makilo 14, anabwera naye ambuya ake cha m'ma 8 koloko usiku mwezi wa Juni, nthawi ija kumazizira mpaka wekha umafuna kubisa manja m'thumba. Mwanayo amakhala konkuno koma anali atakhalako kumudzi ku Katete pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo thupi linayamba kutentha patangopita masiku ochepa atabwerako. Kunyumba anamupatsa panado, kutentha kumatsika nkubwereranso, tsiku lachisanu anasiya kudya, sakutha kukhala tsonga yekha, ndiye kupuma kuja ndi kumene kunawaopsa ambuya. Mbiri ya ulendo imeneyi ndiyofunika chifukwa mu Lusaka muno malungo si ambiri ngati kum'mawa, ndiye ukapanda kufunsa kuti mwana anapita kuti mutu umathamangira ku chibayo basi.

Pa tiraeji anapeza kutentha 38.9, mwana akupuma ka 52 pa mphindi, wofooka koma akamuitana dzina amatsegula maso. Anamuika pulobu ya akuluakulu pa chala cholozera, makina nkulemba SpO2 76, PR 71. Kupuma mothamanga, thupi kutentha, 76 pa sikirini, aliyense angati chibayo chachikulu, ndipo anachita bwino kumuika pa okosijeni nthawi yomweyo, malita 2 pa mphindi ya m'mphuno, nkundiitana.

Nditafika ndinayamba nayo nambala yachiwiri ija, PR, imene ndi kugunda kwa mtima pa mphindi. Mwana wotentha thupi, akupuma chonchija, mtima wake sungagunde ka 71. Ndinaika sitetosikopu pa chifuwa nkuwerenga, unali kugunda ka 164. Ndiye ngati makina alephera kuwerenga kugunda kwa mtima, 76 ija aitenga kuti? Mzere wa mafunde pansi pa sikirini unali pafupifupi wogona, timanyenje chabe, PI, nambala yoonetsa mphamvu ya kugunda kwa magazi m'chala, ikuonetsa 0.2, ndipo nambala imadumphadumpha, 76, 83, kuzima, 79. Manja anali ozizira mpaka m'chigongono, nditadina pa chikhadabo kwa masekondi 5 nkusiya, mtundu unatenga masekondi 4 kubwerera, palusi ya pa mkono yofooka. Koma mapapo oyera mbali zonse ziwiri, palibe kothetheka, nthiti sizikulowa mkati. Kupumako kunali kwakuya, kokoka, osati kwa pamwambapamwamba kwa mwana wa chibayo. Zikhatho zoyera mbee, mkati mwa chikope chimodzimodzi, lilime lotuwa, ndipo kapamba amamveka pansi pa nthiti.

Kuti mumvetse chifukwa chake sindinaikhulupirire 76, tiyeni tione kaye zimene kamakina aka kamachita, poti ambirife timakagwiritsa ntchito tsiku lililonse koma tinangouzidwa kuti pansi pa 90 ika okosijeni. Mkati mwa pulobu muli timagetsi tiwiri mbali imodzi, ndi kachidutswa kolandira kuwala mbali inayo. Kena kamawala mofiira pa mananomita 660, ndi kamene mumakaona, kenako ndi ka infuraredi pa mananomita 940, maso sakuona. Hemogulobini amene wanyamula okosijeni amalola kuwala kofiira kudutsa koma amameza kwambiri infuraredi, pamene amene watula kale okosijeni amameza kwambiri kofiira, nchifukwa chake magazi a m'mitsempha yobwerera ku mtima amaoneka akuda. Timagetsito timayaka mosinthana maulendo mazana pa sekondi imodzi, makina nkumayeza kuwala kumene kwatsala kutsidya kwa chala.

Vuto ndi loti m'chala simuli magazi okha, muli khungu, fupa, mnofu, chikhadabo, komanso magazi obwerera amene sitikuwafuna, zonsezi zimamezanso kuwala. Nzeru imene anatulukira injiniya wa ku Japani, Takuo Aoyagi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, inali yoti zonsezi sizisintha mtima ukagunda, chimene chimasintha ndi magazi a m'timitsempha tochokera ku mtima, amatifufumitsa pang'ono nkubwerera. Ndiye makina amataya gawo losasintha lija nkutenga kagawo kogunda kokha, amafanizira mmene kakumezera kuwala kofiira ndi mmene kakumezera infuraredi, nambala imene yatuluka amakaiyang'ana pa tebulo limene anaikiratu ku fakitale. Tebulolo analipanga poyesa anthu athanzi amene anawachepetsera okosijeni dala mpaka cha m'ma 70, ndiye pansi pa pamenepo makina amangoyerekeza.

Kagawo kogunda kameneka nkakang'ono kwambiri ngakhale pa munthu wabwinobwino, maperesenti ochepa chabe a kuwala konse, ndipo PI ija ndi imene imakuuzani kukula kwake. Manje thupi likaona kuti zinthu zavuta, limafinya mitsempha ya m'manja ndi m'mapazi kuti magazi apite ku ubongo ndi ku mtima, kuzizira nako kumachita zomwezo. Kugunda m'chala kumatsala pang'ono kutheratu, koma makina sasiya kufunafuna chinthu chogwedezeka, ndiye amatola chilichonse, kunjenjemera kwa mwana, kukhutchumuka kwa magazi obwerera amene okosijeni wake ndi wochepa kale, kuwala kwa babu la m'chipinda. Onjezerani kuti pulobu ya wamkulu pa kachala ka mwana wa zaka 4 imakhala khwekhwe, kuwala kwina kumalambalala m'mbali osadutsa m'chala nkukafika kutsidya. Nambala yotuluka pamenepo nthawi zambiri imatsika monama, koma imathanso kukhala m'ma 90 mwangozi, ndipo makina ambiri otchipa amailemba ndi manambala akuluakulu omwewo ngati kuti ali nayo chikhulupiriro.

Tinamufunda bulangete, a sista anatenga dzanja lake nkulifumbata m'manja mwawo kwa mphindi zingapo, tinasamutsa pulobu kupita pa chala chachikulu cha dzanja lomwelo pamene imagwira bwino, nkuphimba ndi kansalu. Kanula tinaika dzanja linalo. Mafunde anayamba kuoneka, aang'ono koma ofanana, PI inakwera kufika 0.9, PR 160, kugwirizana ndi zimene ndimamva pa chifuwa. SpO2 inakhazikika pa 98.

Apa ndiye panali poterera kwenikweni, kuposa pa 76 paja. Chipinda chonse chinapuma, mnzathu wina amene anali pa tiraeji anati ndiye kuti okosijeni wagwira, mwana akhoza kudikira pa benchi zotsatira za labu, konsentireta tipatse wina. Ambuya nawo anali atamva kuti nambala ikakwera ndiye kuti zili bwino, anandifunsa kuti, “Adokotala, si wachira uyu? Makina akuti bwanji?” Ndinawayankha kuti, “Ambuya, makinawa akuona mapapo kuti ali bwino, koma magazi a mdzukulu wanu achepa kwambiri, taonani chikhathochi muyerekeze ndi chanu.” Anayang'ana, sanafunsenso. Mwanayo anali akupumabe ka 50, kokoka komwe kuja, mtima 160, palibe chimene chinasintha pa iye kupatula nambala.

RDT inatuluka ya malungo, shuga 4.1, Hb ya pa kamakina ka pa tebulo 3.6 g/dL, ndipo labu itabwereza inapeza pafupifupi yomweyo.

SpO2 ndi peresenti, imakuuzani kuti mwa hemogulobini amene alipo, ndi wochuluka bwanji amene wanyamula okosijeni. Sikuuzani kuti hemogulobiniyo alipo wochuluka bwanji. Zili ngati madzulo pa Kulima Tower, minibasi iliyonse imene ikunyamuka yadzaza thoo, kondakitala aliyense angakuuzeni kuti zili bwino, koma ngati mabasi pa msewu atsala atatu pa khumi alionse anthu agona pa siteshoni. Mwa mwanayu makina sananame ayi, 98 inali yoona, ndipo pa magazi ochepa okisimita nthawi zambiri imawerengabe molondola bola mafunde akhale abwino ndipo okosijeni asatsike kwambiri. Chosokeretsa ndi funso limene timaganiza kuti yayankha. Kuti mudziwe okosijeni weniweni amene ali m'magazi masamu ake ndi awa:

```
CaO2 = 1.34 x Hb x SaO2 + 0.003 x PaO2
```

CaO2 ndi okosijeni yense amene ali mu desilita ya magazi, SaO2 ndi peresenti ija koma pa masamuwa 98 muilembe ngati 0.98. Giramu imodzi ya hemogulobini imanyamula pafupifupi 1.34 mL ya okosijeni ikadzaza. Kagawo kakumapeto kaja ndi okosijeni wongosungunuka m'madzi a magazi, nkochepa, tikasiye kaye. Mwana wathanzi wa Hb 12 pa 98 ali ndi pafupifupi 15.8 mL mu desilita iliyonse ya magazi. Mwana wathu, Hb 3.6 pa 98 yomweyo, anali ndi 4.7, osafika ndi gawo limodzi mwa atatu. Ndiye tayerekezani ndi mwana wa chibayo amene tonse timamuthamangira, Hb 11 SpO2 85, iyeyo ali ndi 12.5. Amene alamu ikumulirira ali ndi okosijeni woposa kuwirikiza kawiri wa uyu amene makina akuti ali bwino. Sindikuti wa chibayo adikire, nayenso ali pa ngozi, koma mukuona kuti mzere wa odwala sungaupange ndi SpO2 yokha.

Thupi likakhala ndi 4.7 limalipira ndi mtima, nchifukwa chake 160 ija, magazi ochepawo azungulire mwachangu. Zikalephereka minofu imayamba kugwira ntchito popanda okosijeni wokwanira nkumatulutsa asidi wa lakiteti, ndipo pa malungo aakulu tizirombo timamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono nkuonjezera vutolo. Kupuma kwakuya kuja ndi thupi kuyesa kutulutsa asidiyo kudzera mu mpweya woipa. Ndiye mwana wotuwa, wopuma mokoka, mapapo oyera, SpO2 yabwino, ameneyo musamuone ngati wopepuka, ndi mmodzi wa amene amatha kutisiya mkati mwa maola ochepa. Musadikirenso milomo kuda, kuti munthu aoneke wobiriwira pamafunika pafupifupi magiramu 5 pa desilita a hemogulobini wopanda okosijeni, mwana wa Hb 3.6 alibe ngakhale okwana pamenepo onse pamodzi.

Zimene tinasankha zinali izi. Magazi poyamba, tinatumiza sampulo ya gulupu ndi kurosimachi nthawi yomweyo, ndipo pa sampulo yomweyo tinapempha ayezeretu siko selo, chifukwa ukayeza utamuika kale magazi a munthu wina zotsatira zimasokonekera. Malangizo a WHO amati mwana wa Hb yochepera 4 aikidwe magazi, ndipo wa pakati pa 4 ndi 6 naye aikidwe ngati akupuma movutika kapena ali ndi zizindikiro zina zoopsa, ndiye apa panalibe zokambirana. Atesuneti wa mu mtsempha, 3 mg pa kilo poti anali wosakwana makilo 20, ndiye 42 mg, kubwereza pakatha maola 12 ndi 24. Tinaonjezera seftiriyakisoni chifukwa mwa ana malungo aakulu amayendera limodzi ndi matenda a mabakiteriya m'magazi kawirikawiri ndipo ndi maso simungasiyanitse. Shuga tinakonza zoyezanso pafupipafupi.

Panali kukangana pang'ono pa diripi. Manja ozizira, palusi yofooka, dzanja limafuna kutsegula salaini ayende mothamanga. Sitinatero. Madzi saonjezera hemogulobini, amangosungunula wochepa yemweyo, ndipo mtima umene ukuthamanga kale 160 ukhoza kulemedwa. Kafukufuku wa FEAST amene anatuluka mu 2011, wa ana odwala kwambiri otentha thupi ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anaonetsa kuti amene anathiridwa madzi mothamanga anamwalira ambiri kuposa amene sanathiridwe. Tinangoika madzi oyenda pang'onopang'ono okhala ndi shuga podikira magazi.

Okosijeni tinamusiya pomwepo, koma ndinene mosabisa kuti thandizo lake pa mwana ngati uyu nlochepa. Hemogulobini wadzaza kale, chimene mukuonjezera ndi kagawo kosungunuka kaja, mwina 0.3 mL pa desilita. Pa munthu wa 15.8 zimenezo sizimveka nkomwe, pa wa 4.7 ndi kachinthu ndithu, komanso 98 ija tinaipeza ali kale pa okosijeni ndiye kumuchotsa pa nthawi imeneyo kukanakhala kuyesa chinthu chosafunika kuyesa. Choopsa nchoti timachubu ta m'mphuno timapangitsa aliyense kumva ngati mwana akuthandizidwa, pamene chithandizo chenicheni chili mu filiji ya ku labu.

Magazi anafika patapita ola ndi theka, athunthu, tinaika 20 mL pa kilo, 280 mL, kuti ayende maola atatu. Furusemaidi sitinapereke poti panalibe chizindikiro choti madzi achuluka m'thupi, koma timamvetsera mapapo ndi kugwira chiwindi pafupipafupi. A sista anajambula tchati cha mphindi 15 zilizonse poyamba kenako 30, ndipo tchati chimenecho ndimafuna wophunzira aliyense atachiona. Mzere wa SpO2 unali 98, 98, 99, 98 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mizere inayo ndi imene imayenda, mtima 160, 148, 136, pomaliza 122, kupuma 50 kutsika mpaka 34 ndipo kukoka kuja kunatha, manja anafunda, mtundu pa chikhadabo kubwerera pasanathe masekondi 2, PI 2.6. Cha m'ma 4 koloko m'mawa anapempha madzi akumwa. Hb ya tsiku lotsatira inali 6.4, amene ndi pafupifupi 8.4 mL pa desilita, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri pamene anayambira, okisimita osaonapo kusiyana kulikonse. Okosijeni tinachotsa m'mawa womwewo, pa mpweya wamba anakhala pa 96.

Pali zina ziwiri zoti muzikumbukire ngakhale sizinamukhudze kwambiri mwana uyu. Pa khungu lakuda okisimita imatha kulemba nambala yokwera kuposa zenizeni, kafukufuku wa ku Michigan wa 2020 anapeza kuti odwala akuda amene makina amati ali pakati pa 92 ndi 96 koma magazi akuonetsa pansi pa 88 anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa azungu. Odwala athu pafupifupi onse ndi akuda, ndiye 92 pa munthu amene akuoneka kuti akuvutika ine sindiitenga ngati chitonthozo. China ndi mbaula, miyezi ya Juni ndi Julaye anthu amagona nayo m'nyumba atatseka mawindo, mpweya wa makala umagwira hemogulobini pamalo pa okosijeni koma makina a timagetsi tiwiri amauwerenga ngati okosijeni, munthu akukomoka sikirini ikuti 99. Ndinawafunsa ambuya za mbaula usiku womwewo, anati amaphikira panja.

Kwa ine dongosolo lake lili chonchi, ndisanawerenge nambala yaikulu ija ndimayamba ndaona ngati PR ikugwirizana ndi kugunda kumene ndawerenga ndekha, ngati mafunde ali ofanana, ndi PI ngati makinawo ali nayo. Zikasemphana ndimafunditsa dzanja, kusintha chala, kuyesa chala chachikulu cha kuphazi kapena khutu ngati pulobu yake ilipo, kuonetsetsa kuti sikuli dzanja limene kwamangidwa koyezera BP, nkudikira masekondi 30 kapena kuposa chifukwa makina amatenga avereji ndipo pa manja ozizira amachedwa kuonetsa kusintha. Koma kulephera kuwerenga pakokha ndi chizindikiro, mwana wodwala amene okisimita ikukana kumugwira muziyamba mwaganiza kuti magazi sakuyenda bwino musanaganize kuti mabatire atha, ndipo okosijeni muikeni muli kufufuza. Nambala ikatuluka yabwino, tembenuzani chikhatho, tsitsani chikope, yezani Hb.

Mwanayo analandira atesuneti katatu, atayamba kudya tinamusinthira ku Kowatemu wa masiku atatu. Siko selo inatuluka kuti alibe. Anatuluka tsiku lachinayi ndi Hb 6.8, akuyenda yekha, tinamupatsa mankhwala oonjezera magazi oti amwe miyezi itatu nkuwauza ambuya kuti abwere naye pakatha sabata ziwiri, kapena msanga akaona mkodzo wakuda ngati kokakola, maso achikasu kapena kutuwa kwabwerera, chifukwa atesuneti nthawi zina amatsatiridwa ndi kusweka kwa maselo ofiira patapita sabata imodzi mpaka zitatu. Anabwera pa tsiku lake, Hb 8.9, RDT sitinabwereze poti imatha kukhalabe ikuonetsa malungo kwa masabata angapo, tinayeza pa galasi ndipo tizirombo panalibe. Pa fomu yathu ya tiraeji a sista oyang'anira wodi anaonjezera malo awiri pafupi ndi SpO2, pena polemba kugunda kwa mtima kowerenga ndi dzanja, pena polemba mtundu wa zikhatho.